Ziro m'malo mwa o: mmene chilembo chimodzi chimaberetsera anthu pa intaneti

Mu Julaye chaka cha 2000, anthu ena ogwiritsa ntchito PayPal, kampani ya ku Amereka yotumizira ndalama pa intaneti, analandira imelo yowauza kuti wina wawatumizira ndalama zambiri. Kuti azione, ankayenera kudina linki yomwe inali mu imelomo. Tsamba limene linatseguka linali lofanana ndendende ndi la PayPal, ndipo amene analembapo dzina ndi pasiwedi yawo anazipereka okha m'manja mwa akuba. Chinyengo chonse chinagona pa chilembo chomaliza cha dzinalo. Taonani mayina awiri awa: PayPal.com ndi PayPaI.com. Loyambalo likuthera ndi l wamng'ono, lachiwirilo likuthera ndi I wamkulu. M'kalembedwe ka zilembo kamene mafoni ndi makompyuta ambiri amagwiritsa ntchito, ziwirizi ndi kandodo kowongoka basi, ndipo diso silingazisiyanitse.

Papita zaka zoposa 20, koma msampha umenewu ukugwirabe anthu, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Ukugwira chifukwa sudalira luso lozama la kompyuta. Umadalira mmene munthu amawerengera.

Dzina ngati `paypal.com` limatchedwa domeni. Ndi dzina limene webusaiti imadziwika nalo, komanso ndi gawo la adiresi ya imelo limene limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @. Munthu aliyense akhoza kugula domeni kwa makampani olembetsa mayinawa. Lothera ndi `.com` limagulidwa pamtengo wa madola 10 mpaka 15 pachaka, ndipo ntchito yonse imatha m'mphindi zochepa, popanda wofunsa kuti dzinalo mukufuna mulichite nalo chiyani. Makina olembetsera amayang'ana chinthu chimodzi chokha: kodi dzina ili, chilembo ndi chilembo, lili kale ndi mwini wake? Ngati lasiyana ndi la wina pa chilembo chimodzi, ndi dzina latsopano ndipo amakugulitsani. Zili ngati nambala ya foni. Mukamatumiza ndalama pa foni n'kuphonya nambala imodzi yokha, ndalamayo sipita kwa m'bale wake wa munthu amene mumafuna, imapita kwa mlendo amene simunamuonepo. Kwa makina kulibe zoti "zikufananako".

Munthu ndiye amakhulupirira zofananako. Amene anazolowera kuwerenga sayang'ana chilembo chilichonse. Diso limagwira chiyambi cha liwu, mapeto ake ndi kutalika kwake, ubongo n'kumalizitsa zotsalazo ndi zimene ukuyembekezera. N'chifukwa chake mumatha kuwerenga uthenga wa mnzanu wodzaza ndi zolakwika osapunthwa. Luso lomwelo ndi limene wakuba amadyerapo.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya ziro. Dzina la domeni limaloledwa kukhala ndi zilembo, manambala ndi kamzere kapakati, choncho palibe choletsa munthu kulemba 0 pamene payenera kukhala o. M'zilembo zazing'ono ziro amaonekerako, chifukwa ndi wamtali kuposa o: mu `micr0soft.com` wosamala akhoza kumugwira. Koma makina sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'dzina la domeni, ndiye wakuba ali ndi ufulu wolilemba mmene lingabisalire bwino. Akalilemba kuti MICR0S0FT.COM, ziro ndi O amakhala a msinkhu umodzi, kusiyana kwawo n'kungoti wina ndi wowonda pang'ono. Mu Julaye 2021 kampani ya Microsoft inapeza chilolezo cha khoti la ku Virginia chotseketsa madomeni 17 a mtundu wofanizirawu, amene gulu lina la akuba linkagwiritsa ntchito ponamiza makasitomala a kampaniyo kuti alipire ndalama ku maakaunti olakwika.

Nambala 1 imalowa m'malo mwa l, monga mu `paypa1.com`. Zilembo r ndi n zikagundana zimabala m, moti `rnicrosoft.com` pa kagalasi ka foni amawerengeka ngati dzina lenileni. Ma v awiri amasanduka w. Koma njira imene ine ndimaiona kuti ndi yoopsa kuposa zonsezi ndi yosinthanitsa malo a zilembo ziwiri zoyandikana m'kati mwa liwu lalitali, chifukwa palibe chilembo chachilendo chimene chimalowamo. Zonse ndi zoyenera, kutalika kwa dzina n'komweko, kungoti ziwiri zasinthana mipando. Mu 2016, pa nthawi imene makompyuta a chipani cha Democratic ku Amereka anathyoledwa, ofufuza anapeza domeni yakuti `misdepatrment.com`. Kampani imene inkasamalira makompyuta a chipanicho inali MIS Department, ndipo dzina lake lenileni linali `misdepartment.com`. Bwererani muwawerengenso. Anthu ambiri amafunika kuyang'ana kawiri kapena katatu asanaone kuti r ndi t asinthana.

Dzina lenileni lili pati?

Musanayambe kusaka ziro, muyenera kudziwa malo oti muyang'ane, chifukwa adiresi ya webusaiti imatha kutalika kwambiri ndipo mbali yaikulu ya adiresiyo ilibe umboni uliwonse. Timawerenga kuchokera kumanzere, koma mwini wake wa adiresi amadziwikira kumanja. Lamulo lake ndi ili. Dumphani `https://` wa kumayambiriro. Pitani kutsogolo mpaka mupeze kamzere kopendekeka koyamba, ka /. Imani pamenepo n'kubwerera m'mbuyo. Kachigawo koyamba kamene mukumane nako ndi mchira, monga `com`, `org` kapena `mw`. Kachigawo kotsatira, mpaka pa kadontho kena, ndiye dzina limene munthu anagula. Zonse za kumanzere kwa pamenepo mwini dzinalo amalemba zimene wafuna, mwaulere, ngakhale dzina la banki yanu.

Chitsanzo chabwino chikuchokera m'chaka chomwecho cha 2016. M'mwezi wa Malichi, a John Podesta, amene ankatsogolera kampeni ya mayi Hillary Clinton, analandira imelo yooneka ngati yochokera ku Google yowauza kuti asinthe pasiwedi mwamsanga. Linki yake inali yofupikitsidwa, koma inkakathera pa adiresi yoyamba motere:

```
myaccount.google.com-securitysettingpage.tk/
```

Wowerenga kuchokera kumanzere amaona `myaccount.google.com` n'kukhutira. Tsopano tsatirani lamulo lija. Kuchokera pa / kubwerera m'mbuyo, mchira ndi `tk`, womwe ndi wa Tokelau, tizilumba ta m'nyanja ya Pasifiki. Kachigawo kotsatira mpaka pa kadontho ndi `com-securitysettingpage`. Choncho domeni yeniyeni ndi `com-securitysettingpage.tk`, ndipo Google ilibe nayo gawo. Mawu akuti `google` angoikidwa kumanzere ngati chokongoletsa. Onaninso ntchito ya kamzere kapakati kaja: pambuyo pa `com` pakanakhala / bwenzi adiresiyo ili ya Google, koma pali kamzere kogona, kamene sikadula dzina. Maimelo a bamboyu anabedwa ndipo anafalitsidwa chisankho chisanachitike.

Mayiko ambiri ali ndi michira ya zigawo ziwiri, ndipo pamenepo mumawonjezera sitepe imodzi. Ku Malawi kuli `gov.mw`, `ac.mw` ndi `co.mw`, ku Zambia kuli `co.zm`, ku South Africa `co.za`, ku Britain `co.uk`. Dzina logulidwa ndi limene lili kumanzere kwa zigawo ziwirizo. Mchirawo ndi mbali ya dzina. Bungwe likakhala ndi dzina lothera ndi `.mw`, sizitanthauza kuti dzina lomwelo lothera ndi `.com` kapena `.net` ndi lakenso. Likhoza kukhala la munthu wina aliyense padziko lapansi. Ndipo uthenga wa pa WhatsApp wonena za ntchito za boma kapena mphatso, umene linki yake ili ndi `gov` ndi `mw` zolumikizidwa ndi timizere tapakati koma n'kuthera ndi mchira wina, suchokera ku boma.

S mmodzi, madola 1 miliyoni

Ambiri akamva za mayina ofanizirawa amaganiza za mawebusaiti abodza. Koma ndalama zikuluzikulu zimabedwa kudzera mu imelo, popanda webusaiti n'komwe. Nkhani imene ikusonyeza bwino mmene zimayendera inafalitsidwa mu Disembala 2019 ndi Check Point, kampani yoona za chitetezo cha makompyuta imene inaitanidwa kukafufuza. Mayina a makampani okhudzidwa sanaululidwe.

Kampani ina ya ku Tchaina yoika ndalama m'mabizinesi atsopano inagwirizana ndi kampani yaing'ono ya ku Isiraeli kuti iipatse madola 1 miliyoni oyambira ntchito. Zokambirana zinkachitika pa imelo. Wakuba anapeza mpata wowerenga maimelowo miyezi ingapo ndalama zisanatumizidwe, ndipo sanapupulume. Anagula madomeni awiri. Yoyamba inali dzina la kampani ya ku Isiraeli lowonjezera s kumapeto. Yachiwiri inali dzina la kampani ya ku Tchaina, nalonso lowonjezera s kumapeto.

Kenako anatumiza maimelo awiri, onse okhala ndi mutu womwewo wa nkhani imene inali kale pakati pa makampaniwo. Kwa a ku Tchaina analemba ngati mkulu wa kampani ya ku Isiraeli, kuchokera pa domeni yabodza yoyamba. Kwa a ku Isiraeli analemba ngati woyang'anira nkhaniyo ku Tchaina, kuchokera pa yachiwiri. Apa m'pamene pagona nzeru yonse. Munthu akalandira imelo pa nkhani imene akuidziwa kale, salembanso adiresi, amangodina poyankhira. Choncho kuyambira tsiku limenelo, yankho lililonse la mbali iliyonse linkafikira kwa wakubayo. Iye ankaliwerenga, kusintha zimene wafuna, n'kulipititsa kwa mwini wake kudzera pa domeni yabodza inayo. Mbali zonse ziwiri zinkalandira mayankho omveka, pa nkhani yeniyeni, m'mawu a anthu enieni. Ofufuza anawerenga maimelo 18 amene anapita ku Tchaina ndi 14 amene anapita ku Isiraeli mwa njira imeneyi. Pakati pa zimene anasintha panali nambala ya akaunti ya ku banki.

Panali nthawi imodzi imene chinyengochi chikanaululika. Anthu awiri a mbali ziwirizi anapangana zokakumana maso ndi maso ku Shanghai. Akanakhala pansi limodzi, nkhani ya akaunti ikanatuluka. Nthawi itatsala pang'ono, wakuba uja analembera aliyense m'dzina la mnzake kuti sakwanitsa kubwera, aliyense n'kumupatsa chifukwa chosiyana. Msonkhano unalephereka, ndalama zinatumizidwa, ndipo zinadziwika pamene a ku Isiraeli anaona kuti sizikufika, mbali ziwirizo n'kuimbirana foni. Ngakhale pambuyo pake wakubayo anapitiriza kutumiza maimelo, kuyesa kukolola kachiwiri.

Chimene chimandichititsa chidwi m'nkhaniyi n'chakuti zizindikiro zimene timauzidwa kawirikawiri kuti tizisamala nazo panalibe. Panalibe lonjezo la chuma chodzidzimukira, panalibe mlendo. Chachilendo chinali s mmodzi, m'maimelo 32, pamalo amene munthu wotanganidwa sayang'anapo. Wochita malonda aliyense amene amaitanitsa katundu kunja n'kumalipira potengera invoisi ya pa imelo, kaya ndi zipangizo za galimoto, mankhwala kapena nsalu, ali pamalo omwewo amene makampani awiriwa anali.

Alonda amene sakuwa

Wina angafunse kuti, nanga zotetezera zonse zija zimakhala zili kuti? Yankho lake ndi losasangalatsa: zimagwira ntchito yake bwinobwino, kungoti ntchito yakeyo si imeneyi.

Tiyambe ndi kaloko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi, pamodzi ndi `https`. Kwa zaka zambiri anthu anaphunzitsidwa kuti akaona kaloko ndiye kuti malowo ndi otetezeka. Kalokoko kamangonena kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa inu ndi domeni imene yalembedwa pamenepo, moti wapanjira sangaziwerenge. Sikanena kuti domeniyo ndi ya ndani. Satifiketi yobweretsa kalokoko imaperekedwa kwa aliyense amene wasonyeza kuti domeniyo ili m'manja mwake, ndipo mabungwe ngati Let's Encrypt amaipereka mwaulere. Mwini `paypa1.com` ndi mwini wakedi wa `paypa1.com`, choncho akhoza kuilandira mosavuta. Pasiwedi yanu imayenda motetezeka kwambiri mpaka kukafika kwa wakuba. Kusamvetsetsana kumeneku n'kumene kunachititsa kuti mu Seputembala 2023 a Google achotse chithunzi cha loko pa malo a adiresi mu Chrome n'kuikapo chizindikiro china.

Ku imelo nakonso n'chimodzimodzi. Pali njira zitatu, SPF, DKIM ndi DMARC, zimene makampani amagwiritsa ntchito poletsa munthu wakunja kutumiza imelo m'dzina la domeni yawo. Zimathandiza kwambiri, ndipo mwina n'zimene zakankhira akuba ambiri ku mayina ofanizira. Pakuti wakuba akagula domeni yakeyake, sakunamizira domeni ya wina. Akhoza kuikonzera njira zitatuzo, imelo yake n'kudutsa mayeso onse ngati yoona, chifukwa ikuchokeradi kumene ikunena kuti ikuchokera. Amene wanamizidwa ndi wowerenga, osati makina.

Mmene mungawagwirire

Choyamba n'kuona adiresi yeniyeniyo, chifukwa nthawi zambiri imakhala yobisika. Mapulogalamu a imelo a pa foni amaonetsa dzina la munthu lokha, ndipo dzinalo wotumiza amalemba lililonse limene wafuna. Dinani pa dzinalo kuti adiresi yonse ituluke. Mukadina poyankhira, yang'ananinso adiresi imene yalowa pamalo a wolandira, chifukwa imelo ikhoza kukonzedwa kuti yankho lipite kwina. Linki nayo ili ndi nkhope ziwiri: mawu amene mukuona ndi kumene ikupita. Pa kompyuta, ikani kamuvi pamwamba pake osadina, adiresi yeniyeni ioneka m'munsi. Pa foni, ikanikizeni ndi chala kwa kanthawi osachotsa, ituluka yokha.

Adiresi ikaoneka, pezani domeni potsatira lamulo lobwerera m'mbuyo lija, ndipo muiwerenge motchula chilembo chimodzichimodzi, makamaka kuyambira kumapeto. Kuwerenga chobwerera kumalepheretsa ubongo kulota liwu, ndiye zilembo zosinthana malo zimaonekera. Kumbukiraninso kuti tsamba likatseguka, pulogalamu yotsegulira intaneti imasandutsa domeni yonse kukhala ya zilembo zazing'ono. PayPaI uja amasanduka `paypai.com`, kadontho ka i kali poyera, ndipo ziro amatalika pakati pa anzake. Choncho malo a adiresi a pamwamba ndi odalirika kuposa zimene zalembedwa mu uthenga.

Komabe ndinene mosabisa kuti diso lokha silokwanira. Munthu wotopa, pa foni ya galasi losweka, ali padzuwa, sadzagwira r ndi n tsiku lililonse. Njira zabwino ndi zimene zimapereka ntchito yofananitsayi kwa makina, amene salota. Yosavuta kwambiri pa kompyuta ndi iyi: imelo ili chitsegukire mu pulogalamu yotsegulira intaneti ndipo adiresi yonse ikuoneka, dinani Ctrl ndi F, kenako lembani nokha domeni yoona, kuyambira pa @ mpaka kumchira, mochokera pa kalata yakale kapena chikalata chimene mumachikhulupirira. Ngati adiresi ya wotumiza siwala, ndiye kuti yasiyana penapake, ngakhale inu musakuone pamene yasiyanira. Ziro, nambala 1, r ndi n, s wowonjezera, zonsezi zimagwidwa motere.

Pulogalamu yosunga mapasiwedi, ngakhale imene ili kale mu foni kapena mu Chrome ndi Firefox, imachitanso ntchito yomweyi mwakachetechete. Imasunga pasiwedi pamodzi ndi domeni yake, ndipo imaidzaza pokhapokha domeni ikafanana. Tsiku limene mwafika pa tsamba looneka ngati la banki yanu koma pulogalamuyo yangokhala chete, musathamangire kulemba pasiwedi ndi manja poganiza kuti yasokonezeka. Kukhala chete kwakeko ndiye chenjezo. Ndipo malo amene mumalowamo ndi ndalama, muwasunge mu pulogalamu yotsegulira intaneti kapena mugwiritse ntchito apu yake, m'malo modzera pa linki ya mu uthenga. Ngakhale kufufuza dzina pa Google sikotetezeka kotheratu, chifukwa zotsatira zoyambirira nthawi zambiri zimakhala zotsatsa zolipiridwa, ndipo akuba nawonso amalipira.

Pali umboni winanso umene wakuba amavutika kuubisa: msinkhu wa domeni. Pa `lookup.icann.org` mukhoza kulemba domeni yothera ndi `.com`, `.net` kapena `.org` n'kuona tsiku limene inalembetsedwa. Dzina la mwini nthawi zambiri limabisidwa, koma tsikulo limaoneka. Kampani imene mwachita nayo malonda zaka 10 singakulembereni kuchokera pa domeni ya masabata atatu. Malire ake ndi akuti domeni yakale si umboni wa chilungamo, popeza ena amagula dzina n'kulisunga miyezi asanaligwiritse ntchito. Koma yatsopano, pa nkhani ya ndalama, ndi chifukwa chokwanira choimira kaye.

Pamene diso lilibiretu mwayi

Pali mtundu wina umene ngakhale woyang'anitsitsa sangaugwire. Poyamba mayina a domeni ankalembedwa ndi zilembo 26 za Chingerezi zokha. Pambuyo pake analola zilembo za zinenero zina, zomwe n'zoyenera: Mrasha, Mgiriki kapena Mwarabu ali ndi ufulu wolemba dzina m'chinenero chake, monganso ife tili ndi ŵ wathu. Vuto n'lakuti zilembo zina za Chirasha zimaoneka chimodzimodzi ndi a, e, o, p ndi c wathu, pamene kwa makina ndi zilembo zina. Mu 2002 akatswiri awiri a ku Technion ku Isiraeli, Evgeniy Gabrilovich ndi Alex Gontmakher, anachenjeza za zimenezi atalembetsa dzina la Microsoft lokhala ndi c ndi o za Chirasha. Mu Epulo 2017 Xudong Zheng anasonyeza dzina looneka ngati `apple.com` lopangidwa ndi zilembo za mtundu umenewo zokhazokha, ndipo Chrome ndi Firefox zinkalionetsa ngati lenileni.

Mayina otere amakhala ndi kalembedwe kachiwiri kamene makina amagwiritsa ntchito, koyamba ndi `xn--`. La Zheng lija, kalembedwe kake ndi `xn--80ak6aa92e.com`. Mapulogalamu otsegulira intaneti masiku ano akakayikira dzina amalionetsa m'kalembedwe kameneka, ndipo Chrome inakhwimitsa lamulo lake nkhani ya Zheng itatuluka. Mukayembekezera dzina wamba la kampani yodziwika n'kuona `xn--`, tsekani tsambalo. Ogwiritsa ntchito Firefox pa kompyuta akhoza kulamula kuti mayina onse otere azioneka choncho nthawi zonse: lembani `about:config` pa malo a adiresi, pezani `network.IDN_show_punycode`, muisinthe ikhale `true`. Timadontho ndi timichira ta pansi pa zilembo natonso timabisala. Mu Okutobala 2023 ofufuza a Malwarebytes anapeza chotsatsa pa Google chotengera anthu ku `ķeepass.info`, tsamba lonamizira pulogalamu ya KeePass. Pansi pa k pali kamchira kooneka ngati kafumbi ka pagalasi. Pa mtundu uwu musadalire Ctrl ndi F, chifukwa kufufuza kumeneko nthawi zambiri kumanyalanyaza tizizindikiro totere.

Amene ali ndi domeni yawo, kaya ndi kampani, sukulu kapena mpingo, angathe kusaka mayina owafanizira asanapwetekedwe. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa dnstwist imene imatenga dzina lanu, kupanga mitundu yambirimbiri yofanana nalo, ya ziro, yosinthana zilembo, yowonjezera ndi yochotsera, n'kuonetsa imene wina analembetsa kale:

```
dnstwist --registered example.com
```

Pa zimene zatuluka, zoyenera kuziyang'anitsitsa ndi zimene zakonzedwa kuti zizilandira imelo koma zilibe webusaiti yooneka. Mukapeza yokunamizirani, mukhoza kudandaula kwa kampani imene inailembetsa, ndipo ngati dzina lanu ndi chizindikiro cha malonda chovomerezeka pali njira ya UDRP, imene yakhalapo kuyambira 1999, yolanditsira dzinalo popanda kupita ku khoti. Kugula nokha mayina onse ofanana n'kosatheka, achuluka kwambiri. Gulani awiri kapena atatu oonekeratu, ena muzingowalondera.

Kulondera nakonso kuli ndi malire, ndipo nkhani ya Cloudflare ikusonyeza pamene pali malirewo. Pa 20 Julaye 2022, antchito osachepera 76 a kampaniyi, yomwe ntchito yake ndi chitetezo cha pa intaneti, analandira mauthenga a pa foni owatumiza ku `cloudflare-okta.com`. Okta ndi njira imene antchitowo ankalowera pa makompyuta a kuntchito, choncho dzinalo linkamveka. Kampaniyi inali ndi makina osaka mayina oifanizira, koma domeniyi inalembetsedwa pasanathe mphindi 40 mauthengawo asanatumizidwe, ndipo makinawo anali asanaione. Antchito atatu analemba mayina ndi mapasiwedi awo. Komabe akubawo sanalowe, chifukwa wantchito aliyense ankafunikanso kakiyi kogwirika kolowetsa mu kompyuta, ndipo kakiyiko kamayankha pokhapokha domeni ikakhala yeniyeni. Nambala zachinsinsi zobwera pa foni sizikanawapulumutsa, popeza munthu wonamizidwa amazilembanso pa tsamba labodza lomwelo, wakuba n'kuzigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Njira yotchedwa passkey, imene Google, Apple ndi Microsoft akupereka tsopano pa mafoni wamba, imagwira ntchito mofanana ndi kakiyiko. Pamene ilipo, ndi yoyenera kuitsegula.

Pa malipiro a invoisi palibe kakiyi kotere, ndiye chotsala ndi foni. Imelo iliyonse yonena kuti nambala ya akaunti yasintha, kaya yachokera kwa munthu amene mwadya naye nsima kangati, itsimikizidwe ndi mawu apakamwa ndalama isanatuluke. Imbani pa nambala imene munali nayo kale, osati yolembedwa pansi pa imeloyo, chifukwa wosintha akaunti amasinthanso nambala ya foni. Muwerengereni mnzanuyo nambala ya akaunti yonse, iye avomereze.

Ngati mwazindikira mochedwa, liwiro ndi limene limasiyanitsa. Pasiwedi imene mwalemba pa tsamba labodza isinthidwe nthawi yomweyo, kudzera pa adiresi yoona yolemba nokha, ndiponso paliponse pamene munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo. Mu akaunti ya imelo, yang'anani ngati wina sanaikemo lamulo lotumiza makalata anu kwina, chifukwa lamulo lotero limapitiriza kugwira ntchito ngakhale pasiwedi itasinthidwa. Ngati ndalama yatuluka kale, imbirani banki yanu ola lomwelo kuti ipemphe banki yolandirayo iimitse ndalamayo isanasamutsidwe, kenako kanenereni kupolisi. Imelo yabodzayo musaifufute: mkati mwake muli domeni, tsiku ndi njira imene inadzera, ndipo a banki ndi ofufuza adzazifuna.